Ana a kumbuyo sakuona zolemba pa silaidi: saizi yoyenera ndi iti?

*Ndimaphunzitsa Bayoloje Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera kuno ku Dedza. Chaka chino talandira pulojekita, ndiye ndayamba kukonza masilaidi pa laputopu ndi PowerPoint. M'kalasi muli ana 78. Okhala kutsogolo zikuwayendera, koma a kumbuyo amangofinya maso, ena amachita kudzuka n'kudzaima m'mbali mwa khoma kuti akopere. Ndimalemba ndi saizi 18, pena 20, ndipo pa laputopu zimaoneka bwinobwino. Ndikatseka mazenera kuti mude, ana amadandaula kutentha. Kodi saizi yoyenera ndi iti? Nanga vuto ndi makinawa kapena ndi ineyo?*

Aphunzitsi, musanakhudze kalikonse pa laputopu, tengani rula ya mita ija mumalembera mizere pa bolodi, mulowe nayo m'kalasi pulojekita ili choyaka. Muyeze zinthu ziwiri. Choyamba ndi mtunda wochokera pa khoma pomwe chithunzi chikugwera kukafika pa desiki yomalizira kumbuyo. Chachiwiri ndi msinkhu wa silaidi pakhomapo, kuchokera m'munsi kufika pamwamba. Yankho la funso lanu lili m'manambala awiriwa. Nambala 18 yomwe mukuiona m'kabokosi ka pa laputopu payokha sinena kanthu, chifukwa chilembo cha saizi 18 chimakula kapena kuchepa malinga ndi kukula kwa chithunzi chomwe pulojekita yaponya pa khoma. Mphunzitsi wina akhoza kulumbira kuti 24 ndi yokwana, wina n'kunena kuti yosachepera 36, onse akunena zoona, aliyense za m'kalasi mwake.

Muyeso womwe ine ndimagwiritsa ntchito ndi uwu: pa mamita 2 alionse a mtunda, chilembo chachikulu monga H kapena E chitalike sentimita imodzi pa khoma. Mwana wokhala pa mamita 4 akufunika chilembo cha masentimita 2, wa pa mamita 8 akufunika cha masentimita 4.

Mwina mukukumbukira tchati ya zilembo ija amatiwerengetsa ku chipatala cha maso, yoyamba ndi chilembo chachikulu pamwamba n'kumacheperachepera potsika. Anaiyambitsa ndi dokotala wa ku Netherlands, Herman Snellen, mu 1862. Munthu wa maso abwino, amene amati ali ndi 6/6, ataima pa mamita 6 amazindikira chilembo chosakwana ndi mamilimita 9 omwe. Ndiye wina angafunse kuti masentimita 3 pa mamita 6 ndi a chiyani, si kuwononga malo kumeneko? Ayi. Ku chipatala munthu amawerenga chilembo chimodzichimodzi, chakuda bii pa pepala loyera mbee, m'chipinda chowala bwino, ndipo palibe akumufulumizitsa. Mwana wa m'kalasi akuwerenga ziganizo zathunthu, khutu lili kwa inu, diso likutsika pa kope n'kubwereranso ku khoma kukafuna pomwe analekezera. Komanso mwa ana 78 si onse ali ndi maso a 6/6. N'chifukwa chake timachulukitsa katatu kapena kuposerapo, kuti kuwerenga kusakhale ntchito yodya mphamvu zomwe mwana akanamvetsera nazo phunziro.

Ndikuuzeni za kalasi ina yomwe ndinaiyeza ndekha, chifukwa ikufanana kwambiri ndi yanu. Unali mwezi wa Okutobala, malata akuthetheka ndi dzuwa, ana atakhala atatuatatu pa desiki. Desiki yomalizira inali pa mamita 8 kuchokera pa khoma. Silaidi pa khomapo inali yotalika mita imodzi ndendende. Mayi amene amaphunzitsa anali atalemba ndi saizi 18, mtundu wa zilembo wa Calibri. Nditaika rula pa chilembo chachikulu ndinapeza masentimita 2 ndi kachidutswa. Chilembo chotere chimafika bwino pa mamita 4 basi. Theka la kalasi linkaphunzira, theka linalo linkakopera m'makope a anzawo, zolakwika n'kumayenda kuchoka desiki iyi kupita inayo.

Masamu ake si ovuta. Silaidi ya PowerPoint ndi yotalika mainchi 7.5, omwe ndi mapointi 540, ndipo saizi ya zilembo imawerengedwa m'mapointi omwewo. Chilembo chachikulu sichidzaza saizi yonse: mu Arial chimatenga pafupifupi magawo 7 mwa 10, mu Calibri chimachepera pamenepo. Mukaphatikiza zonsezi ndi muyeso uja wa sentimita imodzi pa mamita 2, mumatsala ndi kanjira kachidule komwe mungakalembe kuseri kwa buku lanu la sikimu:

```
saizi = 4 × mtunda ÷ msinkhu wa silaidi pa khoma
```

M'kalasi ija, 4 kuchulukitsa ndi 8, kugawa ndi 1, yankho ndi 32. Imeneyo ndiyo saizi yochepetsetsa, ya mawu aang'ono kuposa onse pa silaidi, osati ya mutu. Mutu ukhale wokulirapo, 40 kapena 44. Ngati mnzanu wina amakonzera masilaidi mu Google Slides, achulukitse ndi 3 m'malo mwa 4, chifukwa silaidi ya kumeneko ndi yaifupi, mapointi 405, choncho saizi yomweyo imaoneka yaikulu. Ndipo sukulu zomwe zimagwiritsa ntchito wailesi yakanema m'malo mwa pulojekita zisamale kwambiri. Sikirini ya mainchi 55 imaoneka yaikulu m'sitolo, koma msinkhu wake ndi masentimita 68 okha. Pa mamita 8 ikufuna saizi yoyandikira 48, ndipo pamenepo pa silaidi pamangokwana mawu owerengeka.

Tsopano pali chinthu china chomwe ndikufuna mukachione mawa lomwe, chifukwa mwina mukutaya malo aulere. Muyang'anitsitse pa khoma, pamwamba ndi pansi pa silaidi. Ngati mukuona mizere iwiri yotuwa, yotambalala, pomwe kuwala kukufika pang'ono koma palibe cholembedwa, ndiye kuti pulojekita yanu ndi ya chithunzi cha 4:3, chosatambalala kwambiri, pomwe masilaidi anu ndi a 16:9, otambalala. Mapulojekita ambiri a m'masukulu, aja olembedwa SVGA kapena XGA, ndi a 4:3, koma PowerPoint kuyambira ya 2013 imatsegula silaidi yatsopano ili ya 16:9. Pofuna kuti silaidi yotambalala ikwane, makina amaichepetsa, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi a msinkhu limapita pachabe.

Ndi zomwe zinalinso m'kalasi ndanena ija. Malo owala onse anali otalika mita 1.33, koma silaidi inkangotenga mita imodzi. Tinapita pa `Design`, kenako `Slide Size`, n'kusankha `Standard (4:3)`. Osasuntha pulojekita ngakhale pang'ono, silaidi inadzaza mita 1.33 yonse. Mtunda wa mamita 8 kugawa ndi 1.33 ndi 6, kuchulukitsa ndi 4 ndi 24. Tinasintha zilembo kukhala Arial saizi 24, ndipo rula inaonetsa masentimita 4 ndi pang'ono. M'lifupi simunasinthe, mzere umodzi unkanyamula zilembo zochuluka chimodzimodzi ndi momwe saizi 32 ikanachitira pa silaidi yakale, koma tinapindula mizere ina yoonjezera. Mukamasintha masilaidi akale, kompyuta idzakufunsani kuti musankhe `Maximize` kapena `Ensure Fit`. Musankhe `Ensure Fit` kuti zinthu zisadukire m'mbali, koma dziwani kuti ichepetsa zilembo, ndiye mubwerere pa silaidi iliyonse kukazikuza. Ngati pulojekita yanu ndi yotambalala kale, monga yolembedwa 1080p, siyani masilaidi momwe alili.

Njira ina yokuzira chithunzi ndi kubweza pulojekita m'mbuyo. Imathandiza, koma ili ndi mtengo wake. Kuwala komwe makina amatulutsa n'komweko, mukungokumwaza pa malo aakulu. Chithunzi chikakula kawiri m'litali ndi m'lifupi, kuwala kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Komanso khoma lili ndi malire: m'munsi mwa chithunzi muyenera kukhala pamwamba pa mitu ya ana okhala kutsogolo, cha pa mita 1.2 kuchokera pansi. Mzere wolembedwa kunsi kwa pamenepo, ngakhale ukhale wa saizi 60, wa kumbuyo amangoona zitsitsi za anzake.

Apa ndiye tafika povuta penipeni, ndipo si pa makina ayi. Mukakweza saizi kuchoka pa 18 kufika pa yoyenera, manotsi anu sakwananso pa silaidi. Pa chithunzi chonga cha m'kalasi ija, mzere umodzi umanyamula zilembo pafupifupi 50, kuwerengera ndi mipata yomwe. Amenewo ndi mawu asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi a Chingerezi, ndipo a Chichewa amachepera pamenepo poti mawu athu ndi aatali. Liwu limodzi loti "akanadzawaphunzitsanso" ladya kale pafupifupi theka la mzere. Mizere isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri ndiyo yokwana. Zonse pamodzi, mawu 40 kapena 50. Ambiri akaona zimenezi amabweza saizi pa 18, n'kumati palibe kuchitira mwina. Ine ndikuti saizi isakhudzidwenso, chosintha ndi kuchuluka kwa mawu.

Mayi aja anali ndi silaidi imodzi ya momwe zomera zimapangira chakudya chake. Inali ndi mawu oposa 120, okopedwa m'buku: tanthauzo, zofunika kuti ntchitoyo ichitike, fomula, ndi kachithunzi ka mkati mwa tsamba katapanikizidwa pakona. Tinaigawa panayi. Yoyamba inatenga tanthauzo lokha, chiganizo chimodzi, chifukwa chimenecho ana amayenera kuchikopera liwu ndi liwu. Yachiwiri inatenga zofunika zinayi, chilichonse pa mzere wake: kuwala kwa dzuwa, madzi, mpweya wa CO₂, ndi kolorofilo. Mafotokozedwe ake anatsala m'kamwa mwa mphunzitsi, komwe ndi kwawo. Yachitatu inatenga fomula yokha:

```
6CO₂ + 6H₂O → C₆H₁₂O₆ + 6O₂
```

Pa fomula pali msampha womwe aphunzitsi a sayansi ambiri sauona. Timanambala ta m'munsi tija kompyuta imatichepetsa kufika pa magawo awiri mwa atatu a saizi yomwe mwasankha. Mukalemba fomula ndi 24, timanambalato tili cha pa 16, ndipo kumbuyo 6 akufanana ndi 8, 12 akuoneka ngati kadontho. Chonsecho timanambalato ndiye pagona malikisi pa mayeso. Tinalemba fomulayo ndi saizi 36 kuti timanambala tifike pa 24. Yachinayi inatenga chithunzi cha tsamba, chodzaza silaidi yonse.

Zithunzi zojambulidwa ndi foni kuchokera m'buku zili ndi vuto lakelake. Chithunzicho chimaoneka, koma maina a ziwalo olembedwa m'mbali mwake anapangidwira munthu wogwira buku m'manja, ndipo pa khoma sakwana ndi sentimita imodzi. Dulani chithunzicho ndi `Crop` kuti mutsale ndi gawo lomwe mukuphunzitsa, phimbani maina akalewo ndi kabokosi koyera, mulembenso anu ndi saizi yomwe mwapeza ija. Ngati maina achuluka, ikani anayi kapena asanu pa silaidi imodzi, ena pa yotsatira, chithunzi chili chomwecho. Matebulo ndi magirafu nawonso muziwayang'ana paokha, chifukwa satsatira saizi ya mawu ena. Tebulo latsopano limayambira pa 18, manambala a m'mbali mwa girafu cha pa 12.

Wina adzakuuzani kuti masilaidi akachuluka phunziro limachedwa. Sindinaonepo zimenezo. Chomwe chimachedwetsa phunziro ndi mwana wa kumbuyo wofunsa kuti "mzere wachitatu pali chiyani?" kasanu pa piriyodi imodzi. Koma vuto la manotsi ndi lenileni, ndikulidziwa: mabuku ndi ochepa, ana ayenera kupita kwawo ndi cholembedwa. Ngati pali ndime yaitali yoti akopere, iduleni m'zigawo za mizere isanu ndi umodzi, muonetse chigawo chimodzi, mudikire kuti zolembera zigone pansi, kenako chotsatira. Lembani nambala pa chigawo chilichonse kuti wotsalira adziwe chomwe chamupita. Ndipo bolodi musalitaye. Zilembo zomwe mumalemba ndi choko nthawi zambiri zimapitirira masentimita 5, dzanja lanu linaphunzira kale muyeso wa kalasi yanu. Ndi laputopu yokha yomwe sinauphunzire.

PowerPoint ili ndi khalidwe lina lobisika lomwe lingakubwezereni m'mbuyo osadziwa. Mukalemba mawu ochuluka kuposa bokosi, iyo imachepetsa zilembo yokha mwakachetechete kuti zikwane. Mumayamba ndi 28, pofika mzere wachisanu ndi chinayi muli pa 20. Dinani kumanja pa bokosilo, sankhani `Format Shape`, pitani pa `Text Options` kenako `Text Box`, musankhe `Do not Autofit`. Mukatero mawu akachuluka adzasefukira kunja kwa bokosi, ndipo inu mudzadziwa kuti nthawi yoyamba silaidi ina yakwana. Kuti musamabwereze zimenezi tsiku ndi tsiku, konzani kamodzi pa `View`, `Slide Master`: ikani mtundu wa zilembo, saizi ya mutu ndi ya mawu ena, musunge failoyo kuti muziyambirapo phunziro lililonse.

Za mtundu wa zilembo sindichulutsa. Sankhani zopanda zokongoletsa komanso zonenepa bwino, monga Arial, Verdana kapena Tahoma. Pa saizi imodzimodzi, zilembo zazing'ono za Verdana ndi Arial ndi zazikulu kuposa za Calibri kapena Times New Roman, ndipo zilembo zazing'onozo ndi zomwe zimadzaza chiganizo. Verdana imadya malo m'lifupi, koma ili ndi ubwino woti I wamkulu ndi l wamng'ono zimasiyana, pomwe mu Arial zonse ndi kandodo kamodzi. Pa Kemisitile zimenezi zimathandiza polemba `Cl`. Musalembe ziganizo zathunthu ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha, kapena zopendekeka, chifukwa mawu amataya maonekedwe ake ndipo diso limachedwa. Kwa anzanu ophunzitsa Chichewa, kankhodolero kaja ndi koyamba kusowa patali: "m'bale" amasanduka "mbale". Silaidi yokhala ndi mawu otere ikwezedwe saizi pang'ono kuposa yochepetsetsa ija.

Tibwere ku nkhani ya mazenera, poti ana akunena zoona, kutentha kwa kalasi yotsekedwa sikuphunzitsika. Chinsinsi chake n'chakuti pulojekita siitha kuponya mtundu wakuda. Imangoponya kuwala. Chomwe timachiona ngati chilembo chakuda ndi malo a khoma omwe pulojekita yawasiya osawalitsa. Ndiye kuda kwa chilembo chanu ndi kuda kwa khoma lanu panthawiyo. Dzuwa likamagwa pa khomapo, chilembo chimatuwa, ndipo palibe batani la pa laputopu lomwe lingachidetse.

Tiyerekeze ndi manambala. Kuwala kwa pulojekita kumayezedwa m'malumeni. Ya malumeni 3,000 ikaponya chithunzi cha mita 1.78 m'lifupi ndi 1.33 m'litali, sikweya mita iliyonse imalandira pafupifupi malumeni 1,250. Ngati kuwala kwa masana kukuthira 400 pa khoma lomwelo, malo oyera ali pa 1,650, chilembo chili pa 400: choyera chikuposa chakuda kanayi kokha, ndipo kumbuyo kumeneko ndi kotuwa. Mukachepetsa kuwala kwa masana pa khomalo kufika pa 100, malo oyera ali pa 1,350, chilembo pa 100, kusiyana kwaposa kakhumi ndi katatu. Mwaona kuti simunasinthe makina, mwangotchinga kuwala kogwera pa khoma limodzi.

Choncho simukufunika kudetsa kalasi yonse. Tchingani zenera limodzi kapena awiri oyandikana ndi khoma la chithunzi, mbali zonse ziwiri, makamaka mbali yomwe dzuwa likulowera pa ola la phunziro lanu. Katoni yophwasula kapena chitenje chakuda chopinda pawiri zimagwira ntchito. Chitseko, chomwe m'makalasi ambiri chimakhala kutsogolo, chitsekedwe, chifukwa nthawi zambiri ndicho chimathira kuwala kochuluka pa khomalo. Mazenera a pakati ndi a kumbuyo asiyeni otsekula, mphepo izilowa, ana aziona m'makope mwawo. Ngati pali babu kapena chubu pamwamba pa bolodi, chizimitsidwe.

Pa chifukwa chomwechi, m'kalasi ya masana lembani zilembo zakuda pa silaidi yoyera. Masilaidi akuda kapena a buluu wakuda okhala ndi zilembo zoyera amakongola pa laputopu ndi m'holo yamdima, koma m'chipinda chowala mtundu wakudawo umasanduka phulusa. Chikasu, chobiriwira chowala ndi pinki pa choyera zimasowa zonse. Chofiira pa chobiriwira musayerekeze, poti kuwonjezera pa kutuwa, pali ana ena, makamaka anyamata, amene maso awo sasiyanitsa mitundu iwiriyi chibadwire. Mukafuna kutsindika liwu, linenepetseni ndi `Bold`, kapena mulipatse buluu wakuda. Ndipo musalembe mawu pamwamba pa chithunzi.

Pomwe chithunzi chikugwera pakhale poyera komanso posanyezimira. Pa bolodi lakuda kuwala kumamwedwa. Khoma lopakidwa penti ya mafuta limabweza kuwala ngati galasi, ana a mbali ina n'kumaona chigamba chothobwa m'maso pakati pa mawu. Laimu kapena penti yoyera ya madzi ndi zabwino, ndipo nsalu yoyera yokokedwa bwino, yopanda makwinya, imakwanira.

Makina nawo ali ndi mbali yake, ngakhale kawirikawiri amanamiziridwa. Muone ngati sali pa `Eco`, chifukwa pamenepo amachepetsa kuwala pofuna kusunga babu. Masana asankhireni `Normal`, komanso `Presentation` kapena `Bright` ngati zilipo. Babu likamakalamba limazilala pang'onopang'ono, ndipo fumbi la m'chilimwe likatseka sefa ya mpweya makina amatentha mpaka kuzima okha. Pokonza kuti zilembo zithwe, musadalire maso anu muli pa tebulo: tumani mwana aime pafupi ndi khoma, inu muzipotokola kagudumu ka pa diso la pulojekita mpaka iye aone timadontho ta chithunzi bwinobwino. Ngati pamwamba pakuthwa koma pansi pali mbuu, ndiye kuti mwaipendeketsa kwambiri poitsamiritsa pa mabuku; ikwezeni pa chinthu chachitali kuti iyang'ane khoma molunjika. Koma ngati yanu ndi ija yaing'ono yokwana m'chikhatho, imene pa katoni analemba manambala akuluakulu popanda mawu oti `ANSI lumens`, pamenepo vuto likhoza kukhaladi makina. Zambiri zotere zinapangidwira kuonera kanema usiku kunyumba, ndipo zimangogwira chithunzi chikakhala chaching'ono, ana atasendera pafupi.

Pokonza masilaidi kunyumba mukhoza kudziyesa nokha. Gawani mtunda ndi msinkhu monga tinachitira paja. Yankho likakhala 8, yezani msinkhu wa silaidi pa sikirini ya laputopu, muchulukitse ndi 8. Pa laputopu ya mainchi 15.6 msinkhuwo ndi masentimita 19 ndi pang'ono, ndiye muime pa mita imodzi ndi theka, mutadina `F5`. Chomwe mukuona pamenepo ndi kukula komwe mwana wa desiki yomalizira adzaone. Dziwani kuti laputopu imawala bwino kuposa khoma, komanso inu mawuwo mukuwadziwa kale. Ngati mukuchita kuwerama kuti muwerenge, kwa mwanayo zakanika kale.

Mayeso enieni ndi a m'kalasi, ndipo pano ndikupempheni chinthu chimodzi: musafunse kuti "kumbuyoko mukuona?" Ana athu analeredwa mwaulemu, adzayankha pamodzi kuti "eee, tikuona," ngakhale akuona utsi. M'malo mwake konzani silaidi imodzi ya mizere isanu, ya saizi 20, 24, 28, 32 ndi 36. Pa mzere uliwonse lembani zilembo ndi manambala osapanga liwu, osankha dala zofanana, monga `e8a3c6 o5s9`, mzere uliwonse zakezake. Auzeni ana onse akopere pa kapepala ali pamalo pawo, osayang'ana kwa mnzawo, alembenso dzina ndi mzere wa desiki yomwe akhala. Muchite zimenezi pa ola lomwe mumaphunzitsa, mazenera ali momwe amakhalira. Liwu lodziwika mwana amalilota ngakhale sakuliona, koma zilembo zosakanizazi sangazilote. Mukatolera timapepalato, onani saizi yochepetsetsa yomwe a kumbuyo ambiri aikopera popanda cholakwa, mukwere sitepe imodzi pamwamba pake. Imeneyo ndiyo saizi ya kalasi imeneyo, ndipo ikasiyana ndi ya masamu aja, mukhulupirire timapepala. Muyang'anenso a m'makona a kutsogolo, amene amaona chithunzi cham'mbali zilembo zitapanikizana. Pena kungobweza desiki zawo m'mbuyo pang'ono kumathetsa nkhani.

Timapepalato tidzakuuzaninso china. Mudzapeza mwana mmodzi kapena angapo amene alakwitsa ngakhale mzere wa 36, pomwe oyandikana nawo akhoza wa 24. Amenewo si nkhani ya silaidi. M'kalasi ija tinapeza mtsikana wina wa desiki yachisanu amene pepala lake linali ndi mizere iwiri yokha, yonse yolakwika. Aphunzitsi ake ankamudziwa ngati mwana wochedwa kukopera, wodalira kope la mnzake. Titamukhazika kutsogolo anakopera mizere yonse isanu. Ana otere ayitaneni paokha, osati pamaso pa anzawo, muwasunthire kutsogolo, ndipo mulankhule ndi makolo kuti akapimitse maso ku chipatala cha boma, komwe tchati ija ikaonetse ngati akufunika magalasi.

Ngati muli ndi mwana wachialubino, musadikire mayesowa. Ambiri mwa iwo saona bwino patali ngakhale atavala magalasi, ndipo kuwala kwambiri kumawapweteka m'maso, kotero silaidi yoyera mbee ija yomwe ikuthandiza anzake iye ikhoza kumuthobwa. Akhale kutsogolo, kutali ndi zenera lotsekula, ndipo mumufunse yekha pomwe akuonera bwino. Chomwe chimathandiza kwambiri ndi kumupatsa mawuwo m'manja: pepala losindikizidwa ndi zilembo zikuluzikulu, saizi 18 kapena kuposa, kapena kumulola kukhala pafupi ndi laputopu yanu kuti aziwerengera pa sikirini, mutaichepetsa kuwala. Dinani `Windows` ndi `P`, musankhe `Duplicate`, kuti zomwe zili pa khoma zikhalenso pa laputopupo. Ndipo chilichonse chomwe chili pa silaidi muzichiwerenga mokweza kamodzi, fomula ndi timanambala take tomwe, musanayambe kufotokoza.